Lipoti la laputopu imene inasiya kudzuka atasintha ndondomeko ya kadzukidwe pofuna kuiyambitsira pa fulashi

Lipoti ili ndi la laputopu ya mtundu wa Dell Latitude E7470, yokhala ndi memole ya 8 GB ndi disiki ya SSD ya 256 GB, imene mayi wina wochita bizinesi yotaipa ndi kusindikiza makalata anabwera nayo ku shopu kwanga akukhulupirira kuti disiki yake yafa. Ndaona kuti ndi bwino kuilemba nkhaniyi mwatsatanetsatane chifukwa disikiyo inalibe vuto lililonse, ndipo mavuto onse anachokera pa kusiyana kwa zinthu ziwiri zimene anthu ambiri amaziyesa chimodzi: kusintha ndondomeko yokhazikika imene kompyuta imatsatira pofufuza podzukira, ndi kusankha podzukira kwa ulendo umodzi wokha kudzera pa menyu imene imabwera munthu akadina batani lake poyatsa.

Mmene vuto linayambira

Malinga ndi zimene mwini wake anafotokoza, Windows 10 imene inali m'laputopuyo inkadzuka bwinobwino koma inkachedwa kwambiri, ndipo mafayilo a m'mafulashi a makasitomala ankasanduka njira zachidule zosatseguka, chimene ndi chizindikiro chodziwika cha kachilombo kofala kudzera m'mafulashi. Mphwawo wina amene amadziwako za makompyuta anadzipereka kuti aikemo Windows yatsopano. Anakonza fulashi ya 16 GB ndi Rufus, pulogalamu yokonzera fulashi yoikira Windows, anaibaya, nadina F2 poyatsa kuti alowe m'makonzedwe a BIOS, pulogalamu imene imadzutsa kompyuta Windows isanayambe, koma atafika pa Boot Sequence sanaipeze fulashiyo pamndandanda. Pofuna kuti ioneke, anazimitsa Secure Boot, chitetezo chimene chimalola mapulogalamu odzutsira ovomerezeka okha, anachonga Enable Legacy Option ROMs, anasintha Boot List Option kuchoka pa UEFI, njira yatsopano ya kadzukidwe, kupita pa Legacy, njira yakale, kenako anakweza mzere wa USB Storage Device kuti ukhale pamwamba pa mizere yonse.

Fulashi inadzukadi, ndipo pulogalamu yoikira Windows inayenda mpaka pa tsamba losankhira disiki. Pamenepo inakana ndi mawu awa:

```
Windows cannot be installed to this disk.
The selected disk is of the GPT partition style.
```

Mnyamatayo anachita bwino kuimira pomwepo osafufuta zigawo za disiki, chifukwa mafayilo a bizinesi anali asanasungidwe kwina. Anazula fulashi n'kuyatsanso laputopu, koma Windows yakale ija sinabwerenso. Pa sikirini yakuda panangolembedwa kuti `No Boot Device Found. Press any key to reboot the machine`, ndipo mawu amenewa ndi amene anachititsa banja lonse kuganiza kuti disiki yapsa ndi kuti ntchito ya zaka zingapo yapita.

Zimene ndinapeza poiyesa

Ndisanakhudze makonzedwe aliwonse, ndinayatsa laputopu popanda fulashi n'kuyamba kudina F12 mobwerezabwereza chizindikiro cha Dell chitangooneka. Kudina mobwereza kumathandiza kuposa kukanikiza osachotsa chala, popeza nthawi imene BIOS imamvera kiyibodi ndi ya masekondi ochepa chabe, ndipo makompyuta ena amaona batani lokanikizidwa nthawi yaitali ngati lomatirira. Menyu itatseguka, pamwamba pake panali mawu osonyeza kuti kompyuta ili pa Legacy ndiponso kuti Secure Boot ndi yozimitsidwa. Pansi pake panali magulu awiri a mizere. Gulu la LEGACY BOOT linali ndi Internal HDD ndi Onboard NIC, pamene gulu la UEFI BOOT linali ndi mzere wa Windows Boot Manager. Ndinatsikira pa Windows Boot Manager n'kudina Enter, ndipo Windows yakale inadzuka ndi mafayilo ake onse ali m'malo mwake.

Kuyesa kumeneku kunayankha mafunso awiri nthawi imodzi popanda kumasula ngakhale sikuluwu imodzi. Disiki inali yamoyo, ndipo mafayilo odzutsira Windows anali osawonongeka. Chimene chinalakwika chinali njira imene BIOS inkafufuzira. Kompyuta yoikidwa pa Legacy imawerenga kachigawo koyambirira ka disiki, ka mabaiti 512, n'kuyembekezera kupezamo kapulogalamu kodzutsira ndi chigawo chimene chaikidwa chizindikiro choti ndicho choyambira. Disiki yokonzedwa mwa GPT, imene Windows yake inaikidwa mwa UEFI, siisunga zodzutsira pamalo amenewo. Imazisunga ngati mafayilo wamba m'kachigawo kakang'ono ka FAT32, kamene pa Windows 10 kamakhala ka 100 MB nthawi zambiri, ndipo bolodi yaikulu ya kompyuta imasunga m'chikumbukiro chake dzina ndi malo a fayilo yoti itsegule. Mzere wa Windows Boot Manager umaloza fayilo imeneyo. Choncho laputopu inkayang'ana pamalo opanda kanthu, n'kunena zoona kuti sinapeze podzukira, ngakhale kuti Windows inali pa disiki yomweyo. Ma Latitude ena akakhala mumkhalidwe womwewu amalemba `Invalid partition table!` m'malo mwa uthenga uja, koma gwero lake limakhala lomweli.

Windows itadzuka ndinafufuza ngati disiki inali yotsekedwa ndi BitLocker, loko ya Windows yobisa zonse za pa disiki, polemba lamulo ili pa Command Prompt yotsegulidwa ndi mphamvu za woyang'anira:

```
manage-bde -status C:
```

Yankho linasonyeza kuti disiki sinali yotsekedwa, ndipo apa mayiwo anali ndi mwayi. Pa kompyuta imene BitLocker ikugwira ntchito, kuzimitsa Secure Boot, ndiponso nthawi zina kungosintha ndondomeko ya kadzukidwe, kumachititsa kuti Windows ifunse kiyi yobwezeretsera ya manambala 48 isanatseguke. Malaputopu ambiri ogulidwa ogwiritsidwa kale ntchito amafika kwa eni ake atsopano popanda kiyi imeneyo, ndipo mmisiri aliyense sangathe kuipeka. N'chifukwa chake lamulo limeneli liyenera kulembedwa munthu asanalowe m'makonzedwe a BIOS, nthawi imene Windows ikadali yotseguka.

Chifukwa chimene fulashi sinkaonekera poyamba

Funso limene linatsala linali lakuti n'chifukwa chiyani fulashi sinaoneke pamene laputopu inali pa UEFI, popeza apa ndi pamene mnyamata uja anapatukira. Nditaibaya pa kompyuta yanga yogwirira ntchito ndinapeza kuti inali ndi chigawo chimodzi cha NTFS pa dongosolo la MBR, dongosolo lakale la zigawo limene Legacy imatsatira. Izi zikutanthauza kuti pokonza fulashiyo, pa Partition scheme anasankha MBR, ndipo Target system inakhala pa BIOS (or UEFI-CSM). Fayilo imene UEFI imafuna pa fulashi iliyonse, ya `\EFI\BOOT\BOOTX64.EFI`, inalimo ndithu, ndipo munthu wongotsegula fulashiyo pa Windows akanaiona n'kunena kuti zonse zili bwino. Koma malamulo a UEFI amangokakamiza bolodi kudziwa kuwerenga FAT, ndipo mabolodi ambiri sawerenga NTFS. Fayilo inalipo, koma inali pamalo pamene bolodi sinkatha kufikapo, ndiye bolodiyo sinaiwerengere fulashi m'gulu la zinthu zodzukirapo.

Mfundo imeneyi ndi imene ndimafuna kuti amisiri anzanga, makamaka ongoyamba kumene, aigwire bwino. Fulashi ikapanda kuoneka pa menyu, choyamba kuchikayikira ndi fulashiyo, osati makonzedwe a kompyuta. Kompyuta inali yokonzedwa molondola mogwirizana ndi disiki yake, ndipo chinthu chachilendo chimene chinabwera ndi fulashi. Kusintha kompyuta yonse kuti igwirizane ndi fulashi yokonzedwa molakwika kuli ngati kugumula chitseko cha nyumba chifukwa chakuti kiyi amene wasulitsa kumsika sakulowa. Kukonzanso fulashi kumatenga mphindi zochepa ndipo sikuika mafayilo a munthu pa chiswe.

Pali zinthu zina ziwiri zimene zimabisa fulashi yokonzedwa bwino, ndipo ndinaziona zonse ndisanapitirire. Choyamba, fulashi iyenera kubayidwa kompyuta isanayatsidwe, chifukwa mndandanda wa pa menyu umapangidwa pa nthawi imene BIOS ikufufuza zipangizo. Chachiwiri, pa ma Dell a msinkhu uwu pali malo otchedwa USB Configuration pansi pa System Configuration, pamene pali kabokosi kololeza kudzukira pa USB, ndipo mabungwe ena amakachotsa chongi pa makompyuta a antchito awo asanawagulitse. Pa laputopu iyi kabokosiko kanali kochongedwa.

Kubwezeretsa makonzedwe ndi kukonzanso fulashi

Ntchito yoyamba inali kukopera mafayilo a bizinesi pa disiki yakunja Windows yakale ikadali yodzuka, kenako kuwasefa ndi pulogalamu yothana ndi tizilombo pa kompyuta ina. Mayiwo anakhala pafupi n'kutsegula okha makalata angapo pa disiki yakunjayo kuti atsimikize kuti akutseguka, ndipo ndinawauza kuti, “Mayi, muonetsetse kuti palibe chimene chatsala, chifukwa tikafika pofufuta zigawo sitidzabwereranso.” Anakumbukira foda ya zithunzi za ziphaso imene inali pa Downloads, ndipo nayonso tinaikopera.

Nditatero ndinalowa ndi F2 n'kujambula ndi foni masamba a Boot Sequence, Advanced Boot Options ndi Secure Boot mmene analili, chizolowezi chimene chimathandiza munthu kubwerera pamene anayambira ngati zinthu zitasokonekera. Pobwezeretsa pamafunika kutsatira dongosolo, chifukwa BIOS imeneyi silola kuti Secure Boot iyatsidwe pamene za Legacy zikadali zololedwa. Ndinayamba ndi kubweza Boot List Option pa UEFI, kenako ndinachotsa chongi pa Enable Legacy Option ROMs, ndipo pomaliza ndinayatsa Secure Boot Enable n'kudina Apply. Pa Boot Sequence ndinasiya Windows Boot Manager pamwamba. Nditayatsanso popanda kudina batani lililonse, laputopu inalowa yokha mu Windows yakale, chimene chinatsimikiza kuti yabwerera mmene inalili mnyamata uja asanaikhudze.

Fulashi ndinaikonzanso ndi Rufus pogwiritsa ntchito fayilo ya ISO yonyamula pulogalamu yoikira Windows, imene inalipo kale, kuti tisawononge bandulo potsitsanso fayilo yoposa 5 GB. Pa Partition scheme ndinasankha GPT, ndipo Target system inasintha yokha kukhala UEFI (non CSM). Apa pali chinthu chimene chimasokoneza anthu. M'kati mwa ISO ya Windows 10 yomaliza muli fayilo ya `install.wim` yoposa 4 GB, ndipo FAT32 siingasunge fayilo imodzi yofika kukula kumeneko. Rufus imathetsa vutoli poika mafayilo pa chigawo chachikulu cha NTFS n'kuwonjezera kachigawo kakang'ono ka FAT kumapeto, kamene bolodi imatha kuwerenga ndipo kamanyamula pulogalamu yotsegulira NTFS. Kuyambira pa Rufus 3.17 ya mu 2021, kapulogalamu kameneka kamavomerezedwa ndi Secure Boot, choncho panalibe chifukwa choizimitsira. Amene akugwiritsabe ntchito Rufus yakale kuposa imeneyo, yopatsirana pa mafulashi kwa zaka zambiri, ndi amene amakumana ndi uthenga wokana wa Secure Boot, ndipo mankhwala ake ndi kupeza Rufus yatsopano.

Kudzukira pa fulashi kamodzi kokha

Ndinazimitsa laputopu, ndinabaya fulashi mwachindunji pa bowo la USB la laputopuyo osadutsira pa kachipangizo kochulukitsa mabowo, ndinayatsa n'kudina F12. Ulendo uno pansi pa UEFI BOOT panali Windows Boot Manager ndi mizere yoyamba ndi `UEFI:` yotsatiridwa ndi dzina la kampani imene inapanga fulashiyo. Fulashi yokonzedwa mwa njira imeneyi imatha kuoneka kawiri pa makompyuta ena chifukwa cha zigawo zake ziwiri, ndipo mzere wa kachigawo kakang'ono kaja ndi umene umagwira ntchito pa bolodi yosawerenga NTFS. Nditausankha, panadutsa mizere yochepa ya zolemba, kenako tsamba loyamba la pulogalamu yoikira Windows linabwera.

Mzere umene munthu wasankha pa menyu imeneyi sumangonena chipangizo chodzukirapo. Umanenanso njira imene Windows yatsopano idzaikidwire. Pa kompyuta imene Legacy ndi UEFI zonse ndi zololedwa, fulashi imodzi yomweyo imatha kuoneka m'magulu onse awiri. Wosankha mzere wa USB Storage Device wadzutsa pulogalamu yoikira mwa Legacy, ndipo idzafuna disiki ya MBR. Wosankha mzere woyamba ndi `UEFI:` waidzutsa mwa UEFI, ndipo idzafuna disiki ya GPT. Uthenga umene unaimitsa mnyamata uja unali wa kusemphana kumeneku, ndipo ulinso ndi mnzake wotembenuza, wonena kuti disiki ili ndi MBR pamene kompyuta yadzuka mwa EFI. Anthu ambiri akaona mauthenga amenewa amathamangira kufufuta disiki yonse ndi `diskpart` kuti aisinthe mtundu, pamene chofunika chinali kungoyatsanso n'kusankha mzere wina.

Kuti ndisadalire maso okha, ndinadina Shift ndi F10 pa tsamba loyambalo, ndipo pa windo lakuda limene linatseguka ndinalemba malamulo awa:

```
wpeutil UpdateBootInfo
reg query HKLM\System\CurrentControlSet\Control /v PEFirmwareType
```

Yankho likakhala `0x1` ndiye kuti fulashi yadzuka mwa Legacy, ndipo likakhala `0x2` yadzuka mwa UEFI. Linabwera `0x2`. Pa tsamba losankhira disiki ndinafufuta zigawo zonse za Drive 0, nditatsimikiza ndi kukula kwake kuti ndi SSD ya m'kati, n'kusankha malo opanda kanthu amene anatsala. Uthenga wa GPT uja sunabwerenso.

Phindu la menyu ya kamodzi linaonekera pamene pulogalamu inamaliza kukopera mafayilo n'kuyatsanso laputopu yokha. Kuika Windows kumafuna kuti kompyuta iyambirenso kangapo, ndipo kuyambira pa ulendo woyamba iyenera kudzukira pa disiki ya m'kati kuti ipitirize pamene inalekezera. Popeza chisankho cha pa F12 sichisungidwa, laputopu inabwerera ku ndondomeko yake yokhazikika n'kupeza Windows Boot Manager yatsopano, ngakhale fulashi inali ikadali yobayidwa. USB ikakhala pamwamba pa ndondomeko yokhazikika, makamaka pa makompyuta a Legacy, kompyuta imatha kubwereranso pa fulashi n'kuonetsa tsamba losankhira chilankhulo ngati kuti palibe chimene chachitika. Munthu wosadziwa amayambiranso, n'kufufuta zimene zangoikidwa kumene, ndipo amatha kuzungulira motero tsiku lonse. Wofika pamenepo ayenera kungotseka tsambalo, kuzula fulashi, n'kulola kompyuta idzuke yokha.

Batani la menyu likakana kumvera

Pa laputopu iyi F12 inagwira ntchito mosavuta, koma si makompyuta onse amene amatero, ndipo batani lake limasiyana. Pa Dell ndi Lenovo ndi F12, pa HP ndi F9 kapena Esc kenako F9, ndipo pa malaputopu a ASUS ndi Esc. Pa malaputopu ambiri a Acer batani ndi F12, koma limabwera lozimitsidwa mpaka munthu atalowa ndi F2 n'kuloleza F12 Boot Menu. Pa malaputopu amene mzere wapamwamba wa kiyibodi umayendetsa mawu ndi kuwala, pangafunike kugwirira Fn podina.

Kompyuta ikamadzuka mofulumira moti batani silikupeza mpata, koma Windows ikutseguka, pali njira yodutsira m'kati. Munthu amagwira Shift uku akudina Restart, ndipo pa tsamba la buluu limene limabwera amasankha Use a device, kenako dzina la fulashi. Njira imeneyi imapezeka pa makompyuta a UEFI okha, ndipo nayonso ndi ya ulendo umodzi: Windows imalembera bolodi kuti kudzuka kotsatira kokha kukhale kwa pa fulashi, ndipo bolodi imafufuta lamulolo ikangolitsatira. Pa Linux, lamulo la `efibootmgr` limaonetsa zinthu ziwirizi poyera, BootOrder ngati ndondomeko yokhazikika ndi BootNext ngati chisankho cha kamodzi.

Pamene ndondomeko yokhazikika iyenera kusinthidwa

Sindikunena kuti Boot Sequence isamakhudzidwe konse. Imasinthidwa pamene chimene chasintha ndi chokhalitsa, monga pamene mwaika disiki yachiwiri imene mukufuna kuti izidzuka tsiku lililonse, kapena pamene kompyuta yochokera ku bungwe ikutaya nthawi kufufuza seva pa netiweki chifukwa Onboard NIC ili pamwamba pa disiki. Makompyuta akale kwambiri amene alibe menyu ya kamodzi amakakamizanso munthu kukweza USB, koma akatero ayenera kuitsitsanso ntchito ikatha.

Pa bizinesi ngati ya mayiwa pali chifukwa china chapadera chosasiyira USB pamwamba. Tsiku lililonse m'laputopu yawo mumalowa mafulashi a anthu osiyanasiyana, ndipo ena amaiwalika momwemo madzulo. Kompyuta ya Legacy yokhala ndi USB pamwamba ikayatsidwa m'mawa ndi fulashi wamba ya mafayilo, imatha kuima pa sikirini yakuda ndi mawu onga `Remove disks or other media`, ndipo mwini wake amayambanso kuganiza za disiki yakufa. Komanso fulashi yachilendo yokhala ndi zodzutsira imapatsidwa mpata woyamba Windows ndi chitetezo chake zisanadzuke.

Mmene laputopu inatulukira

Windows itamaliza kulowa ndinatsegula `msinfo32`, ndipo BIOS Mode inali UEFI pamene Secure Boot State inali On. Ndinabwezeretsa mafayilo osefedwa aja, kenako ndinayesa kuyatsa laputopu ili ndi fulashi wamba ndiponso ili ndi fulashi yoikira Windows ija, ndipo maulendo onse inalowa mu Windows popanda kufunsa kanthu. Ndinaonanso tsiku ndi nthawi mu BIOS laputopu itagona usiku yosalumikizidwa ku magetsi, chifukwa kabatire kakang'ono ka pa bolodi kakatha mphamvu makonzedwe amatha kubwerera okha ku a kufakitale, ndipo chizindikiro chake choyamba chimakhala wotchi yobwerera m'mbuyo. Tsiku ndi nthawi zinali zolondola.

Chimene ntchitoyi sinathetse ndi msinkhu wa laputopuyo. Microsoft inasiya kupereka zokonza zachitetezo zanthawi zonse za Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo purosesa ya Intel ya m'badwo wa 6 imene ili mu E7470 siili pa mndandanda wa zovomerezeka pa Windows 11. Ndinawafotokozera mayiwo kuti pa ntchito yolandira mafulashi a anthu ambiri, nkhani imeneyi iyenera kuganiziridwa posachedwa, kaya pogula makina ena kapena poyesa Linux, imene angathe kuiona kaye pa fulashi kudzera pa F12 popanda kukhudza disiki yawo. Mphwawo uja anabwera nawo potenga laputopu, ndipo ndinamuonetsa pa Rufus malo a Partition scheme ndi Target system, kenako anayesa yekha kutsegula menyu ya F12, kusankha mzere wa `UEFI:`, ndi kutuluka pa tsamba loyamba la pulogalamu yoikira popanda kusintha chilichonse pa disiki.